Woleka pa funso la 13 si wamantha

Tikamaonera Who Wants to Be a Millionaire?, kaya pa TV ya m'barbashopu ku Kabwata kapena pa foni m'basi ya ku Chelstone, timakonda kunyoza munthu amene watenga ndalama zake n'kuchoka. Timati alibe mtima. Koma nthawi zambiri ameneyo ndiye wamvetsa malamulo kuposa ife okuwa.

Masewerawa anayamba ku Britain mu 1998, wofunsa ali Chris Tarrant. Poyamba paja mafunso anali 15, ndipo lililonse linali ndi mayankho anayi oti usankhepo. Pa malamulo oyambawo, chinsinsi chinali pa malo awiri opumira. Ukakhoza funso la 5, mapaundi 1,000 anali ako zivute zitani. Ukakhoza la 10, mapaundi 32,000 sakanakulandanso. Ukalakwa kutsogolo, unkagwera pa malo opumira amene wadutsa.

Ndiye taonani funso la 11 pa malamulo akalewo. Uli ndi 32,000 m'manja. Ukakhoza zifika 64,000, ukalakwa ukhalabe ndi 32,000 yako. Apa kuleka ndi kutaya mwayi chabe, ngakhale funso likhale la mtsinje umene sunaumvepo. Ingolota yankho.

Funso la 13 ndi nyama ina. Tsopano uli ndi 125,000. Ukakhoza, 250,000. Ukalakwa, ubwerera pa 32,000, ndiye kuti 93,000 yapita ndi mawu amodzi. Tinene kuti unasunga thandizo lija la 50:50, mayankho awiri olakwika achotsedwa, koma pa awiri otsalawo sudziwa. Anthu a masamu adzaphatikiza 250,000 ndi 32,000, n'kugawa pawiri, apeze 141,000. Popeza iyi iposa 125,000, adzati yankha. Sitikutsutsa masamuwo, koma amagwira kwa munthu amene angasewere kambirimbiri. Iwe umakhala pa mpando uja kamodzi m'moyo. Kwa munthu wa lendi ku Kabwata, kutaya 93,000 kumapweteka kuposa mmene kuwonjezera 125,000 kungakondweretsere, chifukwa ndalama zoyambazo ndizo zogula nyumba. Mwina wa ku Kabulonga angayese, sitimuletsa.

Zinachitikapo. Mu 2000, Duncan Bickley anali ndi 250,000, anayankha funso la 14, nalakwa. Anapita kwawo ndi 32,000, atataya 218,000. Chaka chomwecho Judith Keppel anakhala woyamba ku Britain kutenga miliyoni yonse, ndipo ndiye amene ambiri amamukumbukira.

Okonza pulogalamu sanaike malo opumirawo mwangozi. Ankakulimbitsa mtima pamene ndalama zinali zochepa, kenako kuchokera pa funso la 11 mpaka la 15 panalibenso popumira, ndipo dzenje linkakula pa sitepe iliyonse. Nyimbo imatsika, magetsi amachepa, wofunsa amachedwa dala kuulula yankho. Pa funso lomaliza unkaika 468,000 pa ngozi kuti upeze 500,000 ina, pamene ife okuwa kuti "yankha mudala!" sitinaikepo ngakhale ngwee imodzi.