Musalengeze Tsiku la Maliro Mtembo Ukadali ku Joni

Pali chizolowezi china m'mabanja mwathu chimene ndikufuna kulimbana nacho, ngakhale ndikudziwa kuti ena anena kuti mwana wasukulu wayamba mwano. Uthenga ukangofika kuti m'bale wathu watisiya ku Johannesburg, akuluakulu amakhala pansi usiku womwewo n'kugamula kuti mwambo woika m'manda udzakhala Loweruka. Amfumu amauzidwa, adzukulu amauzidwa, achibale a kutali amakwera basi, amayi amayamba kugona pasiwa. Zonsezi zimachitika popanda ndi mmodzi yemwe amene wafunsa kuti thupilo lili m'manja mwa yani, ndipo lalembedwa dzina lanji.

Ine ndikuti kuchita zimenezi n'kulakwira anamfedwa. Tsiku la maliro a munthu amene wamwalirira kunja silili m'manja mwa malume. Lili m'manja mwa maofesi angapo amene amatulutsa mapepala motsatana, ndipo pepala limodzi likachedwa, onse otsatira amachedwa. Banja limene silikudziwa mndandanda umenewu limadyetsa anthu pasiwa sabata ziwiri, ndalama zimene zikanathandiza kunyamula thupi n'kuthera ku ufa ndi nkhuni.

Tiyerekeze kuti bambo wina wa ku Ntcheu, amene amagwira ntchito ya kumunda wamaluwa ku Johannesburg, wamwalira Lolemba. Funso loyamba si la bokosi kapena la galimoto. Funso loyamba ndi lakuti wamwalira bwanji, chifukwa yankho lake ndi limene limasankha njira.

Ngati wamwalira ndi matenda m'chipatala, dokotala amalemba fomu yodziwitsa za imfa, yotchedwa DHA-1663, imene ena akadaitchulabe dzina lake lakale la BI-1663. Fomu imeneyi ndi mayi wa mapepala ena onse. Imapita ku ofesi ya Home Affairs, kumene imfayo imalembedwa m'kaundula ndipo kumatuluka chiphaso cha imfa. Koma ngati bamboyo wagundidwa ndi galimoto, wabayidwa, kapena wapezeka atafa m'chipinda popanda wodziwa chifukwa, thupi limakhala m'manja mwa apolisi. Amalitengera ku mochale ya boma, kumene madokotala amalipima kuti apeze chimene chamupha. Lamulo la dzikolo ndi limene limafuna zimenezi, ndipo banja silingakane kapena kufulumizitsa polira. Thupi limatuluka pokhapokha kupimako kwatha ndipo wina wabwera kudzalizindikira. Ndiye amene walengeza za Loweruka asanadziwe kuti thupi lili m'njira iti mwa ziwirizi, walengeza zam'mutu mwake.

Pa kuzindikira thupipo ndi pamene pamagona vuto limene sitikonda kulitchula, vuto la dzina. Tonse tikudziwa kuti pali abale athu amene amagwira ntchito ku Joni ndi dzina losakhala lawo, kapena amene pasipoti yawo inatha kalekale, kapena amene anasiya pasipoti kwa mnzawo amene anasamuka. Munthu ali moyo, zimenezi zimaoneka ngati nzeru zopezera ganyu. Akamwalira zimasanduka msampha. Ngati bambo wa ku Ntcheu uja analembetsa kuchipatala dzina lina, ndipo pasipoti yake ili ndi dzina lina, ndiye kuti pamapepala pali anthu awiri. Ofesi ya kazembe wa Malawi, kaya ku Pretoria kapena ku Johannesburg, iyenera kutsimikiza kuti womwalirayo ndi Mmalawi isanalembe kalata yothandiza kuti thupi lipite kwawo. Singatsimikize za munthu amene dzina lake silikugwirizana ndi chiphaso chilichonse. Zikatero pamafunika malumbiro olembedwa, umboni wochokera kumudzi, ndi maulendo obwerezabwereza ku maofesi. Ngakhale chilembo chimodzi chosiyana pa dzina chingabweze munthu pawindo.

N'chifukwa chake ntchito yoyamba ya banja, maola oyambirira omwewo, ndi kupeza pasipoti kapena chitupa cha unzika cha malemu, ndi kutuma munthu mmodzi wokhala ndi ziphaso zake zabwinobwino kuti akaime pamene fomu ija ikulembedwa, n'kuwerenga dzina chilembo ndi chilembo. Kukonza dzina fomu isanapite ku Home Affairs ndi nkhani ya mphindi zochepa. Kulikonza chiphaso cha imfa chitatuluka kale ndi nkhani ya masiku. Ndipo pasakhale kuzengereza kukaonekera ku mochale chifukwa choopa apolisi. Malamulo a dzikolo amalola kuti thupi limene lakhala masiku 30 mu mochale ya boma popanda wolizindikira liikidwe m'manda ndi boma ngati la munthu wopanda abale. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo apa wofera kuunayo amakhala m'bale wathu amene sangadzilankhulire.

Chiphaso cha imfa chikatuluka, ulendo sunayambebe. Thupi liyenera kukonzedwa ndi mankhwala kuti lisawonongeke panjira, ndipo amene walikonza amalemba chikalata chotsimikiza zimenezo. Pamafunikanso kalata ya dokotala yonena ngati malemu anali ndi matenda opatsirana kapena ayi. Mapepala amenewa, pamodzi ndi kalata ya kwa kazembe ndi chilolezo cha mbali ya Malawi cholandirira thupi, ndi amene amaperekedwa ku unduna wa zaumoyo wa South Africa kuti utulutse chilolezo chotulutsira thupi m'dzikomo. Chilolezo chimenechi ndi chomaliza chifukwa chimadalira ena onse aja. Maofesi amenewa sagwira ntchito zoterezi Loweruka ndi Lamlungu. Bambo amene wamwalira Lolemba, ngati pasipoti yake yapezeka Lachinayi, sabata imeneyo yapita basi.

Kenako pali msewu. Kuchokera ku Johannesburg kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 1,700, ndipo galimoto imadutsa zipata zitatu: Beitbridge polowa mu Zimbabwe, Nyamapanda polowa mu Mozambique, kenako kudzera ku Tete mpaka ku Zobue ndi Mwanza, kapena kulowera ku Dedza kwa amene akupita kuchigawo chapakati. Pa chipata chilichonse akuluakulu a zaumoyo ndi a kasitomu angafune kuona mapepala enieni, osati zithunzi za pafoni. Pandege ulendo ndi wa maola ochepa kuchokera ku OR Tambo kukatera ku Chileka kapena ku Kamuzu, koma thupi limayenda ngati katundu, m'bokosi lomatidwa kuti mpweya usatuluke, ndipo pabwalo la ndege pamafunika galimoto ina ndi munthu wokasainira. Njira zonse ziwiri, tsiku lodalirika limadziwika pamene chilolezo chomaliza chija chili m'manja. Kufikira pamenepo, yankho loona kwa ofunsa ndi lakuti, "Tikudikira mapepala, tidzakuuzani."

Zambiri mwa ntchitozi imayendetsa ndi kampani yoona za maliro, ndipo apa ndi pamene kuthamangira tsiku kumatipweteka kachiwiri. Banja limene lalonjeza mudzi wonse za Loweruka silikhalanso ndi mphamvu yokambirana mtengo. Limagwira aliyense amene wanena kuti "ndikuchitirani mwachangu". Kampani yoona imadziwika ndi zinthu zosavuta. Imakhala ndi malo ake osungira matupi ndi chiphaso chochokera ku khonsolo ya mzinda chololeza malowo, ndipo siikwiya mukapempha kuchiona. Imalemba mtengo papepala, chinthu ndi chinthu: kutenga thupi, kulisunga pa tsiku, kulikonza, bokosi, mapepala, ndi mayendedwe. Funsani makamaka ziwiri. Choyamba, kodi ndalama yosungira thupi imawerengedwa pa tsiku, ndipo imayamba liti? Mapepala akachedwa, ngongole imeneyi imakula mwakachetechete, ndipo thupi silituluka isanalipidwe. Chachiwiri, kodi galimoto ikafika pati? "Ku Malawi" si yankho. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kutsitsa bokosi mu Blantyre ndi kulifikitsa pakhomo kuseri kwa phiri ku Ntcheu m'nyengo ya mvula. Munthu amene akufuna ndalama zonse pamanja musanaone pepala ngakhale limodzi, ndipo alibe ofesi koma nambala ya foni yokha, muthaweni.

Ndikudziwa zimene anditsutse nazo. Ena ati mwambo wathu sulola kuti anthu akhale m'nyumba zawo ngati palibe chachitika, ndipo maliro n'kulirana. Zoona, ndipo sindikunena kuti anthu asapite kukapepesa. Ndikunena kuti kupepesa ndi kulengeza tsiku ndi zinthu ziwiri. Anthu apafupi angathe kusonkhana, kupemphera, n'kubwerera kwawo, ndipo a kutali n'kuuzidwa kuti adikire uthenga wachiwiri. Mwambo wa siwa unakhazikika pamene munthu ankafera m'mudzi n'kuikidwa mawa lake. Kuutambasula mpaka masiku khumi ndi anayi, mayi wamasiye akugona pamphasa ndipo nkhokwe yake ikutha, si kulemekeza makolo. Ndi kukana kuganiza.

Ena ati, ngati n'zovuta chonchi, bwanji osangomuika konko? Funso limeneli si lachipongwe, ndipo mabanja ena, makamaka amene chipembedzo chawo chimafuna kuika maliro msanga, amasankha zimenezo ndi mtima woyera. Koma chisankho chimenecho chipangidwe tsiku loyamba kapena lachiwiri, anthu ataona mtengo wolembedwa ndi ndalama zimene zilipo. Chimene ndikudana nacho ndi chija chimachitika kawirikawiri: a kumudzi kulamula kuti "mwana wathu abwere" osaponyapo kanthu, n'kusiyira mtolo wonse anyamata asanu a ku Joni amene amagawana chipinda chimodzi. Amene akufuna thupi kumudzi anene nthawi yomweyo kuti iye asenza mbali iti.

Ndipo pakhale wolankhula mmodzi uko ndi mmodzi kuno. Pagulu la WhatsApp la anthu makumi asanu, aliyense amakhala bwana: wina wagwirizana ndi kampani iyi, wina walipira kale kwa ina, ndalama za chipepeso zikulowa m'manambala atatu. Wa ku Joni asunge mapepala ndi malisiti, wa kumudzi alankhule ndi amfumu ndi adzukulu, ndipo ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka ilembedwe poyera.

Mawu otsiriza ndi a kwa ife amene tili ndi abale kunjako, ndi a kwa anzanga amene akulota zokwera basi akangomaliza digiri. Timaopa kukamba za imfa ngati kuti kuitchula n'kuiitana. Koma kufunsa mchimwene wanu kuti pasipoti yake amasunga pati, kuti kuntchito amamudziwa ndi dzina lanji, ndi kuti ali m'bungwe lothandizana pa maliro kapena ayi, si kumulodza. Anthu 40 oponya marandi 100 mwezi uliwonse amakhala ndi marandi 48,000 pakutha pa chaka, ndipo ndalama imeneyo imayamba kugwira ntchito tsiku loyamba, pamene zopemphetsa zimatenga sabata. Amene ali ndi inshulansi ya maliro afunse ngati imalipira kunyamula thupi kudutsa malire a dziko, chifukwa si zonse zimene zimatero. Jambulani tsamba la pasipoti lero, mutumize kwa munthu mmodzi wodalirika kumudzi. Ndipo tsiku loipalo likadzafika, a malume, ndi ulemu wonse, adzukulu asagwire khasu mpaka wa ku Joni atanena kuti chilolezo chatuluka ndipo galimoto yanyamuka.