“Panado yekha, adokotala?”

Mwezi wa Juni mphepo ya mwera ikayamba kuomba kuno kuchigwa cha Shire, mzere wa pachipatala umadzaza ndi anthu otsokomola. Tsiku lina kunabwera bambo wina wachikulire, mlimi wa thonje wa cha ku Ngabu. Mamina anali chuchuchu kwa masiku atatu, pakhosi pakukanda, mutu ukuwawa. Tinawayeza malungo, sanapezeke. M'chifuwa munkamveka bwino, kapumidwenso kanali kabwino. Ndinalemba panado.

Anayang'ana m'kabuku kawo n'kupukusa mutu. “Adokotala, ndalipira kabaza kuti ndidzatenge panado? Ameneyu ali ngakhale pa okala. Ndipatseni makapisozi aja, kapena bakitilimu.”

Sindinawaone ngati ovuta. Munthu akataya ndalama ndi tsiku lonse la kumunda, amafuna abwerere ndi kanthu kooneka. Ndiye ndinawafunsa kuti, “Bambo, mukuikumbukira kolorokwini?”

Anaseka. “Yowawa ija? Yoyabwitsa thupi?”

Anaikumbukira, pamodzi ndi fansida yemwe analowa m'malo mwake mu 1993, ndi LA yemwe anabwera mu 2007. “Nanga anapita kuti mankhwala amenewo?” Iwo anati, “Anasiya kugwira.” Kufotokoza kwanga kunayambira pamenepo, pakuti mankhwalawo sanasukuluke ayi. Tizilombo ta malungo ndi timene tinasintha mpaka kusawamvanso.

Chimfine chimayamba ndi mavairasi. Amokisilini ndi bakitilimu amapha mabakiteriya, tizilombo tamtundu wina. Mwachitsanzo amokisilini amagumula kachikhungu kolimba kamene kamakuta bakiteriya, pomwe vairasi alibe kachikhungu koteroko, choncho mankhwalawa sapeza pomugwira. Chimfine chimatha chokha pakadutsa masiku 7 mpaka 10, ngakhale kutsokomola kumatha kutsalirako. Munthu akamwa makapisozi tsiku lachitatu n'kupeza bwino lachisanu ndi chiwiri, amathokoza kapisozi pa ntchito imene thupi lagwira lokha.

“Ndiye ngakhale asathandize, akulakwa chiyani?” anafunsa bamboyo. Funso limeneli ndimalikonda.

M'matumbo, m'mphuno ndi pakhungu pa munthu aliyense mumakhala mabakiteriya ochuluka zedi, ambiri osavulaza. Kapisozi uja akalowa, sapeza chimfine choti aphe, koma amapulula mabakiteriya ofooka amene wawapeza. Ochepa olimba amatsala, ndipo poti malo atseguka, amaswana mwachangu. Sikuti thupi lanu ndi limene lazolowera mankhwala, monga ambiri amanenera. Tizilomboto ndi timene tapirira, ndipo sitikhala mwa inu nokha. Timayenda ndi manja osasamba, madzi akumwa ndi chimbudzi, makamaka madzi akasefukira monga zimachitikira ku Nsanje ndi ku Chikwawa kuno. Mdzukulu amene sanamweko kapisozi n'kamodzi komwe akhoza kutengera tizilombo tosamva mankhwala kwa agogo ake.

Izitu si nkhambakamwa. Akatswiri a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome anaunika magazi a odwala pachipatala cha Gulupu ku Blantyre kuyambira 1998 mpaka 2016. Pa bakiteriya wina wotchedwa kelebusiyela, yemwe amavutitsa kwambiri makanda, mu 2003 pafupifupi 12 pa 100 alionse ndiwo ankapirira mankhwala a gulu la sefutirayakizoni, jakisoni amene timadalira munthu akadwalika. Pofika 2016 anali 90 pa 100. Gulupu ndi kumene timatumiza odwala athu zikatikanika kuno.

Sindikunena kuti aliyense wotsokomola azingokhala kunyumba. Thupi likatentha kuno kwathu, yambani mwayezetsa malungo. Mwana akamapuma mothamanga, muwerengereni kwa mphindi imodzi ali phee: kupuma ka 50 kapena kuposa kwa wa miyezi 2 mpaka 11, kapena ka 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zisanu, chikhoza kukhala chibayo, ndipo apo amokisilini ndi wopulumutsa moyo. Chimodzimodzi nthiti zikamalowa m'kati popuma, kapena mwana akakana kuyamwa, thamangani naye. Chifuwa chopitirira masabata awiri chikufunika kuyeza makhololo, mwina ndi TB. Koma mamina obiriwira paokha si umboni woti pakufunika makapisozi. Ndipo amene mumalandira bakitilimu pamodzi ndi ma ARV, musasiye, komanso musagawireko anzanu a chimfine, chifukwa ameneyo ndi wokutetezani inuyo.

Bambo aja ndinawauza kuti amwe panado awiri mutu ukawawa, osapitirira kanayi patsiku, azimwa madzi ambiri ndi tiyi wandimu, avutire madzi ofunda amchere pakhosi, ndipo abwerenso msanga akayamba kubanika, kumva kubaya m'nthiti, kapena thupi likatenthabe patatha masiku atatu.

Anapinda kabuku kawo mosakondwa kwenikweni. Atafika pakhomo anacheuka n'kufunsa kuti, “Nanga makapisozi anayi amene anatsala kwa mayi akunyumba aja, nditani nawo?” Ndinawapempha kuti adzabwere nawo tsiku la msika.