Filiji ya K3,000 ija ndi ngongole yobisika

Msuweni wanga ali ndi kantemba kwa Chikwa, m'boma la Chama, ndipo anandiimbira foni kuti ndimufunire filiji ya bokosi yoti aziziziritsira zakumwa ndi kusungiramo nsomba. Ndinapeza ziwiri. Ina inali yogwiritsidwapo kale ntchito, ya K3,000. Ina inali yatsopano, ya K7,000. Asanandimve n'komwe anati, "Iwe, tenga yotchipayo, ndalama sizitoledwa pansi." Ndinakana, ndipo tinakangana sabata yathunthu. Ndikulemba izi chifukwa ambiri a ife tikalandira malipiro oyamba timagula ngati iyeyo. Timangoona mtengo wolembedwa pakatundu, pamene mtengowo ndi chiyambi chabe. Filiji umailipira tsiku logula, kenako umailipira mwezi uliwonse pa malaiti, ndiponso nthawi iliyonse ikafa.

Tiyambe ndi malaiti, chifukwa ndiwo amadya mwakachetechete. Yuniti imodzi imene mumagula ku ZESCO ndi mphamvu imene chipangizo cha mawati 1,000 chimadya pa ola limodzi. Choncho mukachulukitsa mawati ndi maola amene chipangizo chikugwira ntchito, n'kugawa ndi 1,000, mwapeza mayuniti a tsiku limodzi. Filiji siilira tsiku lonse. Kompuresa imayaka, mkati mukazizira imazima, mukafunda imayakanso. Filiji yokalamba, imene labala wa pachitseko anauma ndipo gasi anachepa, imalira nthawi yaitali isanapume. Kotentha ngati ku chigwa cha Luangwa mu Okutobala, imangolira usana wonse.

Tiyerekeze ndi manambala osavuta. Yakaleyo ikudya mawati 150 ndipo ikulira maola 16 patsiku, ndiye kuti mayuniti 2.4. Yatsopanoyo ikudya mawati 90 kwa maola 10, ndiye kuti mayuniti 0.9. Tiike yuniti pa K2 kuti masamu aphweke, inu mudzaikepo mtengo umene uli pa lisiti lanu. Pachaka yakale ikudya mayuniti 876, omwe ndi K1,752. Yatsopano ikudya mayuniti pafupifupi 329, omwe ndi ndalama zosakwana K660. Pa zaka zisanu, yakale yatha K8,760 pa malaiti okha, yatsopano pafupifupi K3,300.

Tiwonjezepo zokonzetsa. Tinene kuti yakale mwaithira gasi kawiri pa K500, ndipo kompuresa yapsa kamodzi, K1,500. Yatsopano tiipatse K500 ya kavuto kamodzi. Mukaphatikiza zonse, filiji ya K3,000 ija yakudyerani K14,260, pamene ya K7,000 yathera pa K10,800. Yotchipa yadula ndi ndalama zoposa K3,000, tisanawerengere nsomba zoola. Kumbukiraninso kuti kunyumba ZESCO imagulitsa mayuniti m'magulu: mukamagula ambiri m'mwezi umodzi, yuniti imakwera mtengo. Filiji yadyera imakukankhirani msanga m'gulu lodula.

Msuweni wanga anati masamu a ZESCO sakumukhudza, poti iye amagwiritsa ntchito sola, ndipo dzuwa ndi laulere. Zoona, koma mapanelo ndi mabatire si aulere. Panelo ya mawati 300 imapereka pafupifupi mayuniti 1.2 pa tsiku la dzuwa labwino, mukachotsa mphamvu yotayika m'mawaya ndi mu inveta. Filiji yatsopano ikwanira ndi panelo imodzi, yakale ifuna ziwiri popanda chotsala choyatsira ngakhale babu. Batire ndiye nkhani yaikulu. Batire la asidi la mavoti 12 lolembedwa 200Ah limasunga mayuniti 2.4, koma kuti likhalitse simuyenera kulikama kupitirira theka. Ngati theka la ntchito ya filiji limachitika usiku, yakale ikufuna mayuniti 1.2, ndiye kuti batire likufika pamalire usiku uliwonse, ndipo tsiku la mitambo likupitirira malirewo. Yatsopano ikufuna 0.45 basi. Batire lokamidwa chonchi limafa msanga, ndipo mtengo wa lina ukhoza kuposa wa filiji yotchipayo.

Pali mtengo wina umene ife a m'tauni timauiwala, womwe ndi mtunda. Ku Chipata filiji ikafa, umaimbira wokonza n'kubwera masana omwewo. Kwa Chikwa uyenera kuikweza pagalimoto kupita ku Lundazi kapena ku Chama boma, kapena kulipirira wokonzayo ulendo wobwera ndi wobwerera. Nthawi ya dzinja misewu ya kuchigwa imavuta, ndipo masiku onse amene filiji ili chete makasitomala akumwa zozizira kwa mnzako. Kukonzetsa kwa K500 kumasanduka nkhani ya masabata.

Tsono mungadziwe bwanji musanapereke ndalama? Pa filiji zambiri zatsopano pamakhala chikwangwani cholembedwa kWh/annum, omwe ndi mayuniti a chaka chonse. Yerekezani nambala imeneyo pa mafiliji a kukula kofanana, ndipo dziwani kuti kotentha idzadya kuposa pamenepo. Yakale musaigule ili yozima. Muuze wogulitsa aiyatse, mumvetsere ngati kompuresa ikumapuma ikazizira. Tsekerani kapepala pachitseko n'kukakoka: kakatuluka mosavuta, labala watha ndipo kuzizira kukuthawira pomwepo. Ngati muli nayo kale kunyumba, lembani mayuniti a pamita, zimitsani zina zonse kwa tsiku lathunthu limene malaiti sanapite, muone kuti yadya angati. Funsaninso wokonza mafiliji wa kwanuko ngati zida za mtundu umenewo zimapezeka.

Ndikudziwa chimene ena anena, ndipo ali ndi mfundo. Munthu amene ali ndi K3,000 m'thumba sangagule ya K7,000, ngakhale masamu atakoma bwanji. Mu chitsanzo chathu, kusiyana kwa malaiti ndi pafupifupi K1,100 pachaka, kotero pamafunika zaka zoposa zitatu ndi theka kuti K4,000 yowonjezerayo ibwerere. Mukaitenga pa kaloba, chiwongoladzanja chidzameza phindu lonselo. Ndi bwino kudikira miyezi ingapo muli m'chilimba kusiyana ndi kukongola kwa akaloba. Komanso si chilichonse chodula chimene chimadya pang'ono. Nthawi zina umalipira dzina ndi kuwala kwa chitseko. Ndipo pa chipangizo chimene chimayaka mphindi zochepa pasabata, ngati makina ometera tsitsi a pakhomo, chotchipa chingakhale chanzeru. Masamuwa amaluma pa zinthu zoyaka maola ambiri tsiku lililonse: filiji, fani, mababu, pampu ya madzi.

Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, malaiti ankapita maola ambiri patsiku, ndipo ambiri m'tauni tinathamangira kugula mainveta ndi mabatire. Pamenepo ndi pamene tinaphunzira zimene anthu a kwa Chikwa ayenera kuwerengera tsiku lililonse: chipangizo chadyera chimafuna batire lalikulu. Filiji yotseka bwino inkasunga ndiwo mpaka malaiti atabwera, pamene yotayikira inkasungunula nyama.

Msuweni wanga sanagule iliyonse mwezi umenewo. Anati adikira agulitse mpunga, awonjezere pa K3,000 yake. Koma anandituma kuti ndibwerere kusitolo ndikajambule chikwangwani cha mayuniti chija ndimutumizire, kuti akaonetse amene anamuikira sola asanagule batire lina.