Musanakongoze matimati, fufuzani keyala ya kampani

Alimi a pa Goliati, lole ikabwera kudzatenga matimati kapena kabichi pangongole, chidindo cha pa lisiti chisakukhutiritseni. Chidindo aliyense akhoza kusemetsa.

Lamulo la makampani la 2013 limati kampani iliyonse ikhale ndi ofesi yolembetsedwa m'dziko muno, ndipo keyala yake imasungidwa m'kaundula wa makampani wa boma, yemwenso ali pa intaneti m'dzina la MBRS. Funsani wogulayo dzina lonse la kampani ndi nambala ya pa setifiketi yake, kenaka pemphani kafukufuku m'kaundulamo. Pamakhala kolipira.

Tiyerekeze katundu ndi wa K600,000. Lisiti likuti Limbe, kaundula akuti Lilongwe. Musathamangire kunena kuti ndi akuba, chifukwa makampani ena amalembetsa ofesi ya loya kapena ya akauntanti wawo. Koma wogulayo afotokoze, ndipo keyala ya m'kaundulayo ilembedwe pa pepala la mgwirizano, poti kalata yolonjerera ngongole ndi samani ya khoti zimakatulidwa kumeneko.

Kaundula sanena ngati kampaniyo imabweza ngongole, amangokuuzani khomo lokagogoda. Dzina likapanda kupezekamo, ine ndikuti gulitsani pa kashi basi.