Penshoni yosakwera ndi penshoni yotsika

Wogulitsa pamsika akapeza kuti kopikula mafuta ophikira akwera, sagona ndi nkhaniyo. Mawa lake amasintha mtengo pa benchi, kapena amachepetsa muyezo wa kachubu. Iyi ndi njira imene wageni aliyense amatetezera mpamba wake. Koma pakati pa makasitomala ake pali gulu limene lilibe benchi yosinthirapo mtengo. Awa ndi anthu amene anapuma pa ntchito ndipo amalandira penshoni yofanana mwezi ndi mwezi. Ndalama yawo papepala siisintha, koma thumba limene amabwera nalo kumsika limka lipepuka chaka ndi chaka.

Nkhaniyi ikukhudza ochita malonda mwachindunji. Opuma pa ntchito ndiwo amakongola shuga ndi sopo pa okala kudikira kutha kwa mwezi. Ena mwa eni magolosale ang'onoang'ono anayamba ndi ndalama zopumira pa ntchito. Ndipo pali ageni amene ali ndi kholo kapena malume amene penshoni yake ikaperewera, foni imalira kumsika.

Masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze mphunzitsi wa sukulu yomwe si yaboma amene wapuma ndipo akulandira K100,000 pamwezi, yosasintha. Zinthu zikamakwera mitengo ndi 30 peresenti pachaka, monga zinkachitikira m'Malawi cha m'ma 2023 ndi 2024, katundu amene lero ndi wa K100,000 adzakhala wa K130,000 chaka chamawa. Choncho K100,000 yake idzangogula zimene lero zikugulidwa ndi K76,900. Pakatha zaka ziwiri idzagula za K59,200, pakatha zaka zitatu za K45,500. Mitengo ikapitirira kukwera pa liwiro lomwelo kwa zaka zisanu, bamboyo adzakhala akulandirabe K100,000, koma yogula zinthu za K26,900 basi. Palibe amene wamubera, palibe kalata yomuuza kuti penshoni yadulidwa, koma pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chakudya chake apita.

Pali kanjira kachidule kowerengera zimenezi popanda makina. Munthu atenge nambala 72 n'kuigawa ndi mlingo wa kukwera kwa mitengo. Yankho lake ndi zaka zimene ndalama yosasintha imatenga kuti itaye theka la mphamvu zake. Pa 10 peresenti ndi zaka pafupifupi 7. Pa 30 peresenti ndi zaka ziwiri ndi theka zokha. Munthu wopuma ali ndi zaka 60 angathe kukhala ndi moyo zaka zina 15 kapena 20, ndiye kuti theka limeneli lidzadulidwanso pakati kangapo iye akali moyo.

Kwacha ikachepetsedwa mphamvu, kudulako kumachitika tsiku limodzi. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya dziko lino inatsitsa kwacha kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa dola imodzi. K100,000 imene dzulo lake inali madola pafupifupi 85 inasanduka madola 59. Mafuta agalimoto, feteleza ndi mankhwala zimagulidwa kunja ndi madola, choncho mitengo yake inatsatira. Wamalonda anakweza katundu wake, wapantchito anayamba kukambirana ndi bwana za malipiro, koma wa penshoni yosasintha analibe khomo logogodapo.

Chinthu china chimene chimasokoneza ambiri ndi chilengezo chakuti kukwera kwa mitengo kwatsika. Chiwerengerochi chikachoka pa 30 kufika pa 20 peresenti, sindiye kuti shuga watchipa. Zikungotanthauza kuti akukwerabe, koma pang'onopang'ono kusiyana ndi kale. Zimene penshoni inataya m'zaka zam'mbuyo sizibwerera.

Ichi ndicho chifukwa chake mabungwe ena a penshoni amakweza malipiro chaka ndi chaka. Lonjezo lenileni la penshoni si nambala yolembedwa papepala, koma kuti munthu adzadya, adzavala ndi kugula mankhwala akadzaleka kugwira ntchito. Nambala ikaima pamene mitengo ikuyenda, lonjezolo lasweka ngakhale kuti pepala likusungidwa bwinobwino.

Pali chifukwa chinanso chimene wamalonda angachimvetse msanga. Ndalama za penshoni sizigona m'bokosi. Mabungwe amazibwereketsa ku boma pa chiwongoladzanja, amagula masheya m'makampani ndiponso amamanga nyumba zochititsa lendi. Mitengo ikamakwera, kawirikawiri chiwongoladzanja ndi lendi zimakweranso. Ngati bungwe likukolola zochuluka m'makwacha koma likulipira wopuma ndalama yomweyo ya zaka zisanu zapitazo, ndiye kuti mtolo wonse wa kukwera kwa mitengo wasenzetsedwa nkhalamba. Kukweza penshoni pachaka ndi njira yogawana mtolowo.

Mayiko amachita izi mosiyanasiyana. Ku Amereka, penshoni ya boma yakhala ikukwera yokha motsatira mitengo ya zinthu kuyambira mu 1975, ndipo mu 2023 inakwera ndi 8.7 peresenti. Ku Mangalande, boma limayang'ana zinthu zitatu: kukwera kwa mitengo, kukwera kwa malipiro a anthu apantchito, ndi 2.5 peresenti, n'kusankha chachikulu mwa zitatuzo. Mu Epulo 2023 njirayi inapereka 10.1 peresenti. Ku Joni, thumba la penshoni la ogwira ntchito m'boma limakweza malipiro mu Epulo, ndipo malamulo ake amati kukwezako kusachepere magawo 75 pa 100 a kukwera kwa mitengo. Mbali inayo ya nkhaniyi inaoneka ku Zimbabwe mu 2008, pamene mitengo inathamanga mpaka ndalama zimene anthu anasunga moyo wawo wonse zinasanduka zosagula kanthu.

Amakweza kamodzi pachaka, osati mwezi uliwonse, chifukwa bungwe limayamba latseka mabuku ake n'kuona phindu limene lapeza, kenako akatswiri a masamu amawerengera ngati thumba lingapirire. Apa ndi pamene pali malire oyamba a njirayi. Kukweza kumabwera m'mbuyo mwa mitengo. Chimanga chikakwera mu Janyuwale, nthawi ya njala, wopuma amavutika miyezi yonse mpaka tsiku lokweza lifike, ndipo za miyezi imeneyo sabwezeredwa.

Malire achiwiri ali pa muyezo. Chiwerengero cha kukwera kwa mitengo chimene ofesi ya boma ya kalembera ku Zomba imatulutsa mwezi uliwonse chimachokera pa dengu la zinthu zimene banja wamba limagula. Dengu la munthu wokalamba limalemera kwambiri ku chakudya ndi mankhwala. Chaka chimene chimanga chakwera kuposa zinthu zina, iye amapwetekeka kuposa mmene chiwerengerocho chikunenera.

Malire achitatu ndi aakulu koposa: kukweza kuli ndi mtengo wake, ndipo wina ayenera kulipira. M'Malawi, lamulo la penshoni limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito aziika 5 peresenti. Ndalamazi zimaunjikana m'dzina la munthuyo. Akapuma amatenga gawo lina nthawi imodzi, ndipo lotsalalo ndi limene limasanduka malipiro a mwezi ndi mwezi. Mulu wa ndalama ndi womwewo, kaya munthu alandira yosasintha kapena yokwera. Choncho penshoni yokwera imayambira pansi. Walira mvula walira matope.

Tiyerekezenso ndi mphunzitsi uja. Kampani ya inshuwalansi yamuikira njira ziwiri: K100,000 yosasintha, kapena K70,000 yokwera ndi 10 peresenti chaka chilichonse. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma kayendedwe kake n'koona. Akasankha yachiwiri, chaka chachiwiri alandira K77,000, chachitatu K84,700, chachinayi K93,170. M'chaka chachisanu afika pa K102,487, ndipo wadutsa mnzake wa yosasintha. Kuphatikiza zonse zimene aliyense walandira kuyambira pachiyambi, awiriwa amafanana pakutha pa chaka chachisanu ndi chitatu. M'chaka chakhumi, wa yokwera akulandira K165,000 pamene mnzake akadali pa K100,000.

Zaka zinayi zoyambirira zimawawa, ndipo n'chifukwa chake nambala yaikulu ya lero imakopa. Pali anthu amene yosasintha ingawayenere, monga amene thanzi lawo lafooka kale kwambiri. Koma kwa munthu wathanzi wa zaka 60, kusankha yosasintha kuli ngati kubetcha kuti sakhala nthawi yaitali. Njira yokwera imaika ndalama zambiri m'zaka zimene munthu sangathenso kupalasa njinga kukapikula tomato. Komabe asanamizidwe: 10 peresenti siingapikisane ndi mitengo yokwera pa 30 peresenti. Imachepetsa bala, koma silipola.

Pa chifukwa chimenechi, mabungwe a penshoni ayenera kuleka kuonetsa munthu nambala imodzi yokha tsiku losaina. Pepala lililonse liyenera kusonyeza poyera zimene ndalamayo idzagule pakatha zaka 5 ndi zaka 10 mitengo ikamakwera. Wopumayo naye ali ndi mafunso oti afunse asanagwire cholembera. Kodi malipirowa adzakwera? Kukwerako n'kolembedwa m'pangano, kapena kumadalira phindu la bungwe ndi chifuniro cha oyendetsa? M'zaka zisanu zapitazi anakweza ndi zingati chaka chilichonse? Mawu akuti "tidzaona mmene zinthu zidzakhalire" si lonjezo. Pangano la malipiro a moyo wonse likasainidwa kawirikawiri silisinthika, ndipo madzi akatayika saoleka.

Njira yodziwira ngati penshoni ikutsika ili pamsika pomwepa. Tsiku lolandira, munthu agawe ndalamayo ndi mtengo wa thumba la chimanga la makilogalamu 50 n'kulemba yankho m'kope. Chaka chamawa, mwezi womwewo, achitenso chimodzimodzi, popeza mtengo wa nthawi yokolola sufanizidwa ndi wa nthawi ya njala. Ngati matumba anali anayi ndipo tsopano ndi atatu, penshoni yatsika, ngakhale kalata itanena kuti yakwezedwa.

Muyezo womwewu ukugwiranso ntchito kwa wageni amene alibe bwana womusungira penshoni. Nyumba yochititsa lendi imene mtengo wake sunasinthe kwa zaka zitatu ndi penshoni yosakwera. Ndalama yogona ku akaunti yopereka chiwongoladzanja chochepera kukwera kwa mitengo ikusungunuka chimodzimodzi. Ndipo mwana amene amatumizira mayi ake K30,000 mwezi uliwonse kuyambira 2022, akudziona ngati sanaphonyepo, ayenera kufunsa kuti ndalamayo ikugula ndowa zingati lero. Amene amasintha mtengo pa benchi kopikula kukakwera akudziwa kale chifukwa chake ndalama ya kumudzi iyeneranso kuunikidwa kamodzi pachaka.