Uthenga wopita kwa aphunzitsi ukhale wa kholo

Ku Bangwe ndi ku Ndirande makolo ambiri amapempha mwana wa sekondale kapena mnansi kuti awalembere uthenga wa Chingerezi wopita kwa aphunzitsi, makamaka lipoti la teremu likabwera ndi malikisi otsika. Amene mwapemphedwa, chonde musathamangire kulemba. Yambani mwawawerengera lipotilo m'Chichewa, phunziro ndi phunziro, mpaka ndemanga ya aphunzitsi. Mwina mwana wa Sitandade 7 wakhoza masamu koma wagwa Chingerezi, pamene mayeso a PSLCE ali chaka chamawa. Apo uthenga uyambe ndi moni ndi kuthokoza, utchule dzina la mwana ndi kalasi yake, kenako ufunse chinthu chimodzi chooneka: kodi akuvutika kuwerenga kapena kulemba chimangirizo, nanga kunyumba tingamuthandize bwanji? Chimene chimandipweteka n'choti olemba ena amathiramo mkwiyo wawo, kholo n'kusayina mawu oloza chala aphunzitsi osadziwa. Mukamaliza, awerengereni zonse m'Chichewa, avomereze okha musanatumize. Muwonjezeponso kuti angakonde yankho la m'Chichewa kapena kukumana pamaso, poti aphunzitsi ambiri mu Blantyre muno amachiyankhula bwino lomwe.

Mlembi wanu wa ku Limbe