Mukatha msonkhano, lembani dzuwa lisanalowe

Amayi anzanga, pali mawu awiri amene timatsekera nawo misonkhano yathu yambiri: "Tamvana eti?" Tonse timayankha kuti eya, n'kupemphera, n'kukutumula zitenje, aliyense ulendo wa kwawo. Ine ndikuti pa nthawi imeneyo timakhala tisanamvane, tangomva chabe. Kumvana kumatsimikizika pamene zomwe tanena zalembedwa, zabwerera kwa eni ake, iwo n'kuvomera kuti n'zomwezo. Ndipo izi ziyenera kuchitika tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, osadikira msonkhano wa mwezi wa mawa.

Ndikuuzeni zomwe zinatigwera ife kuno ku Kasinje, ine ndili mlembi wa gulu lathu. Tinakumana Lamulungu titatuluka Misa, n'kugwirizana zodzaphikira ana phala pa tsiku la sikelo m'mudzi wina, kuti amayi a ana aone kaphikidwe kake. Muyezo tinkaudziwa, ndi womwe uja wa Likuni Phala: magawo anayi a chimanga, gawo limodzi la soya. Tinati miphakati inayi ibweretse ndowa imodzi imodzi ya chimanga, mphakati wachisanu ubweretse ndowa ya soya, zonse zifike "sabata ya mawa". Wina anati za kuchigayo adzaona. Tinaomba m'manja.

Tsiku litafika, miphakati iwiri inali itabweretsa ndowa zazikulu za malita 20, ina iwiri tindowa ta malita 5 togulitsira pamsika. Soya anabwera m'mawa wa tsiku lomwelo, wosakazinga, wosagayitsa. Mayi amene anati za kuchigayo adzaona ankaganiza kuti ntchito yawo inali yofunsa mtengo, ife tinkaganiza kuti avomera kunyamula ndi kulipira. Ana anamwa phala la mgaiwa wamba, ndipo tinabwerera kunyumba tikuyang'anana ndi diso la kumbali. Chimene chinandiwawa n'choti panalibe wabodza ngakhale mmodzi. Aliyense anachita zomwe anamva. Wolakwa ndinali ine, amene ndinali ndi kope m'manja koma ndinalisunga kuti ndidzawerenge pa msonkhano wotsatira.

Mwina mukuti, nanga si maminitsi timalemba kale? Timalemba, ndipo asasiyidwe. Koma maminitsi amawerengedwa pakatha mwezi, pamene tsiku la ntchito lapita kale. Amatithandiza kudziwa amene analakwitsa, sathandiza kuti cholakwikacho chisachitike. Chimene ndikunena ine ndi kalata yaifupi kapena uthenga wa pafoni wopita kwa munthu aliyense amene wasenzedwa ntchito, womuuza gawo lake lokha. Mawu a akulu akoma akagonera, koma manambala ndi masiku zikagonera m'mutu zimasintha.

M'uthenga umenewu muzikhala zinthu zochepa: ndani, achite chiyani, chochuluka bwanji, akapereke kwa yani, pofika liti. Pa zonsezi, ziwiri ndizo zimatigwetsa kawirikawiri, muyezo ndi tsiku.

Muyezo wathu wa pakamwa ndi woterera. Ndowa ili ndi ana ake, thumba likhoza kukhala la makilogalamu 50 kapena locheperapo, "kangachepe" kwa wina ndi K500, kwa wina ndi K5,000. Polemba, dzanja limakukakamizani kufunsa funso limene pakamwa munalidumpha: ndowa yake iti? Taonani pa phala lathu lija. Tikanalemba, zikanaoneka kuti tikufuna malita 80 a chimanga ndi malita 20 a soya. Zomwe zinabwera ndi malita 50 a chimanga, moti ngakhale soya akanafika ali wokonzeka, muyezo wa zinayi kwa chimodzi unali utasokonekera kale.

Tsiku nalo musalitchule ndi dzina lokha. "Lachisanu likubwerali" ndi "Lachisanu linalo" zimamveka mofanana kwa munthu amene wakhala kumbuyo mwana akulira kumsana. "Sabata ya mawa" ili ndi masiku asanu ndi awiri, ndipo aliyense amasankha lomaliza. "Tikakolola" ndiye n'kosathera. Lembani dzina la tsiku pamodzi ndi deti yake: Lolemba pa 16 Juni. Mukalakwitsa chimodzi, chinacho chidzakugwirani, chifukwa wina adzaona pa kalendala kuti sizikugwirizana.

Koma pali china chimene ndinachiphunzira mochedwa. Tsiku loyenera kulembedwa si la chochitikacho ayi, ndi la ntchito iliyonse imene iyenera kuyamba yatha. Muziwerenga chobwerera m'mbuyo. Ngati phala liphikidwa Lachisanu pa 20 Juni, ufa ukhale utabwera kuchigayo Lachitatu pa 18, kuti magetsi akazima kapena chigayo chikawonongeka mukhale ndi tsiku lina lopumira. Kuti zipite kuchigayo Lachitatu, chimanga ndi soya wosankhidwa ndi kukazingidwa kale zifike kwa msungichuma Lolemba pa 16. Kuti soya akazingidwe, amayi a mphakati umenewo adziwe sabata yathunthu zisanachitike. Mwaona kuti msonkhano umodzi wabala masiku atatu osiyana, a anthu osiyana. Palibe mutu umene ungasunge zimenezi popanda pepala.

Uthenga umene ndikanatumiza kwa wapampando wa mphakati wa soya madzulo a Lamulungu lija ndi wotere: "Tagwirizana pa 8 Juni: mphakati wanu ubweretsa ndowa 1 ya malita 20 ya soya wokazinga kale, kwa msungichuma, Lolemba pa 16 Juni. Yankhani pofika Lachitatu." Uthenga umodzi wa pafoni umalowa zilembo 160, ndipo umenewu ukukwana, ngakhale pa kafoni ka mabatani. Mulibe moni wautali, mulibe mbiri ya msonkhano. Wina adzati ndi wouma. Mutha kuyamba mwaimba foni kapena kupatsana moni panjira, koma uthengawo ukhale wouma choncho, chifukwa mawu okometsera ndiwo amakwirira manambala.

Chiganizo chomalizacho musachisiye. Kutumiza si kutsimikiza. Foni mwina ili ndi bambo a kunyumba, mwina yakhala masiku awiri kotchajitsa. Munthu akapanda kuyankha, musati wavomera, mutumeni mwana ndi kapepala kapena mupite nokha. Ndipo mvetserani bwino yankholo. "Ndamva" si "ndavomera". "Tiona" nthawi zambiri ndi kukana kwaulemu, tonse timadziwa. Yankho labwino koposa ndi limene limakutsutsani: "Iyayi amayi, ine ndinati theka la ndowa." Likabwera Lolemba yankho lotere, mwapulumuka, chifukwa nthawi yopeza theka linalo ilipo.

Ndikudziwa chimene chimatiletsa. Timaopa kuti anzathu ati, "Kodi simukundikhulupirira?" Kwathu kuno mawu a munthu wamkulu ndi olemera, ndipo kumutsatira ndi pepala kumaoneka ngati kumuyesa wabodza. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo ine sindiipeputsa. Mankhwala ake ndi kuchitira aliyense chimodzimodzi, kuyambira wapampando, ndiponso kulengeza msonkhano usanathe kuti mlembi alembera aliyense gawo lake. Chikakhala chizolowezi cha gulu, palibe amene amadziona kuti wasankhidwa. Chimanyoza ndi kulembera munthu mmodzi yekha pambuyo poti walephera. Ndiponso tisanamizire mwambo wathu. Pa chinkhoswe mbali ziwiri zimabwereza zomwe zagwirizana pamaso pa mboni. Ndi ntchito yomweyo imene pepala likugwira.

Nanga amayi amene sadziwa kuwerenga? Pano ndiye pofunika kusamala, chifukwa pepala likhoza kusanduka ndodo ya ophunzira yokwapulira anzawo. Mpingo woyamba unatisonyeza njira. Mu Machitidwe a Atumwi mutu 15, atatha msonkhano wa ku Yerusalemu, analemba kalata ya zomwe anagwirizana kupita ku Antiokeya, koma sanaitumize yokha. Anasankha Yudasi ndi Silasi kuti apite nayo akafotokozenso ndi pakamwa. Ifenso titero. Msonkhano usanatsekedwe ndi pemphero, mlembi aimirire awerenge mokweza mfundo imodzi imodzi, mwini ntchito ayankhe ndi pakamwa pake. Kenako kapepala kapite naye kunyumba, kuti mwana wa sukulu azimuwerengera. Amene ali ndi WhatsApp mutha kuwajambulira mawu, koma mulembenso deti ndi muyezo pansi pake, popeza mawu ojambula ndi ovuta kuwafufuza pakatha masabata awiri.

Mukagwirizana ndi anthu a kunja kwa gulu, monga Bambo Mfumu, anyakwawa, alangizi a zaumoyo kapena mwini ngolo, kulemba kumafunika kuposa apa. Iwo amakumana ndi magulu ambiri, ndipo chimene kwa inu ndi nkhani ya mwezi wonse, kwa iwo ndi imodzi mwa nkhani khumi za tsikulo. Musadikire kuti alembe ndi iwo, lembani ndinu amene mukufuna chinthucho. Yambani mwaulemu ndi kuthokoza, kenako nenani kuti umu ndi momwe ife tamvera, ngati talakwitsa mutikonze. Mapepala akhale awiri, limodzi lawo, lina asayine libwerere m'kope lanu. Pakakhala ndalama, lembani zomwe zaperekedwa ndi zomwe zatsala, ndipo ngati mwatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, koperani nambala ya chiphaso m'kope tsiku lomwelo, uthengawo usanafufutike kapena foni isanatayike.

Ndisakunamizeni kuti pepala ndi mankhwala a zonse. Waulesi amakhalabe waulesi ngakhale atasayina. Ndipo mlembi ali ndi mayesero ake: kulemba zomwe iye ankafuna kuti zigwirizanidwe m'malo mwa zomwe zinagwirizanidwa. Ngati nkhani inathera m'malere, lembani kuti sinathe, ndi tsiku limene mudzaikambenso. Ngati ntchito ilibe mwini, musaikepo dzina la munthu amene kunalibe, lembani kuti mwini sanapezeke ndipo wapampando amupeze pofika tsiku lakuti. Pali zinanso zosayenera kulembedwa pa gulu la pafoni ngakhale zinakambidwa. Mukagwirizana zokayendera wodwala, lembani tsiku ndi amene apite, koma matenda ake asalowe m'uthenga, chifukwa uthenga umayenda kuposa mwini wake ndipo simudziwa amene agwire foniyo usiku.

Chaka chotsatira tinaphikanso phala m'mudzi womwe uja. Ndinatumiza mauthenga asanu ndi limodzi madzulo a tsiku la msonkhano, asanu ku miphakati, umodzi kwa mayi wa kuchigayo. Anayi anayankha m'mawa mwake. Mmodzi ndinachita kumutsatira kudimba. Wachisanu ndi chimodzi anayankha kuti soya alibe, ali ndi mtedza wokha, ndipo anati pamsonkhano paja anachita manyazi kunena pagulu. Tinasinthanitsa ntchito ndi mphakati wina kudakali masiku khumi, iwo n'kubweretsa chimanga.